Kusintha mayina a malipoti osikanidwa kuti akhale manambala a ophunzira

Teremu ikatha, malipoti a ana akasainidwa ndi aphunzitsi a kalasi ndiponso ahedi, amabwera pa tebulo la mlembi kuti asikanidwe asanaperekedwe kwa eni ake. Sikana imagwira ntchito yake bwinobwino, koma mayina amene imapereka ndi aja opanda tanthauzo: Scan0001.pdf, Scan0002.pdf, mpaka mapepala atha. Pakapita miyezi, kholo likabwera kudzapempha lipoti la mwana amene akusamukira kusukulu ina, mumayamba kutsegula fayilo imodziimodzi, kholo lili chiimire pakhomo. Chimene tikufuna n'chakuti fayilo iliyonse itenge nambala ya adimishoni ya mwana, yochokera mu Excel imene muli nayo kale, popanda kulemba dzina lililonse pamanja.

Njira yake ndi yaifupi ndipo sifuna pulogalamu yogula. Excel imakulemberani malamulo osinthira mayina, mzere umodzi pa fayilo iliyonse, ndipo Command Prompt ya Windows imawatsatira. Koma musanagwire kiyibodi dziwani ichi: kompyuta siwerenga zimene zalembedwa pa lipotilo. Siidziwa kuti Scan0017.pdf ndi ya mwana uti. Imangopereka nambala imene ili pamzere umodzi ndi fayiloyo mu Excel. Mzere ukalakwika, zotsatira za mwana wina zimavala nambala ya mnzake, ndipo palibe uthenga uliwonse wochenjeza umene umatuluka. Mavuto ena onse amene ndifotokoze amadziulula okha. Ili lokha limabisala, n'chifukwa chake nditaya nthawi yambiri pa ilo.

Tigwiritse ntchito chitsanzo cha kalasi imodzi, Fomu 2 West, imene mu Excel ili ndi ana 62, ndipo manambala awo amalembedwa ngati 2023/017.

Kukonza malo ogwirira ntchito

Kopani foda yonse ya masikani n'kuiika pa kompyuta yanu yeniyeni, mwachitsanzo mu C:\Zotsatira\F2W, ndipo foda yoyambirira ija musaikhudzenso. Dzina limene mwasintha pamanja mu File Explorer limabwezeka ndi Ctrl+Z, koma limene lasinthidwa mu Command Prompt silibwezeka choncho. Musagwirire ntchito pa fulashi kapena mu foda ya pa netiweki ya ofesi. Foda imene adiresi yake imayamba ndi timizere tiwiri \\ Command Prompt imakana kukhalamo, imakakusiyani mu foda ya Windows, ndipo malamulo anu amakafunafuna mafayilo kumalo olakwika.

Tsegulani foda ya F2W, dinani pamalo pamene pamaoneka adiresi ya foda pamwamba, lembani cmd n'kumenya Enter. Windo lakuda limatseguka lili kale mu foda imeneyo. Lembanimo izi:

```
dir /b /on *.pdf | clip
```

Sizionetsa chilichonse, musadabwe. Mayina onse a mafayilo akopedwa kale, mwandondomeko ya dzina. Tsegulani tsamba latsopano mu Excel, dinani A2 n'kumata ndi Ctrl+V. Mzere woyamba usiyireni mitu. Mu kolamu B muikemo manambala a adimishoni, mu C mayina a ana. Mayinawo salowa m'dzina la fayilo, koma muwafuna poyang'ana ngati zinthu zikugwirizana. Ngati sikana yanu imatulutsa zithunzi, paliponse pamene ndalemba pdf muziika jpg.

Mafayilo 60, ana 62

Mukamata, yang'anani pamene kolamu A yathera ndi pamene B yathera. Mu chitsanzo chathu A yathera pa mzere 61 chifukwa mafayilo ndi 60, pamene B yafika pa 63. Pamenepa imani kaye. Chimene munthu wotopa amachita ndi kuganiza kuti ana awiri omalizawo ndi amene alibe malipoti, n'kupitiriza. Nthawi zambiri si iwowo.

Tinene kuti mwana wa 17 pa mndandanda anasamuka pakati pa teremu koma dzina lake silinachotsedwe, ndipo mwana wa 41 anadwala, sanalembe mayeso. Masikani 16 oyambirira ali bwino. Scan0017.pdf ndi ya mwana wa 18, koma ili pamzere wa mwana wa 17. Kuchokera pamenepo fayilo iliyonse yasuntha ndi malo amodzi mpaka Scan0039.pdf, ndipo kuyambira Scan0040.pdf yasuntha ndi malo awiri. Mafayilo 44 mwa 60 atenga manambala a anthu ena chifukwa cha mapepala awiri okha osowa. Mukatsegula fayilo yoyamba kuti muone ngati zayenda, muipeza yolondola, mtima n'kukhala pansi.

Kuti mupeze pamene payambira kusunthako simufunika kutsegula onse. Tsegulani fayilo yapakati, Scan0030.pdf, muyerekeze dzina la pa lipoti ndi la mu kolamu C. Ngati zikugwirizana, vuto lili kumunsi. Ngati ayi, lili kumtunda. Mu chitsanzo chathu sizigwirizana, ndiye mutsegule ya 15. Imeneyo ili bwino, kutanthauza kuti pasokonekera pakati pa 16 ndi 30. Pitirizani kudula pakati choncho, ndipo mafayilo asanu kapena asanu ndi imodzi akufikitsani pa Scan0017.pdf. Mukapeza mwana wopanda lipoti, sankhani timabokosi take tiwiri ta mu B ndi C tokha, dinani kumanja, Delete, kenako Shift cells up. Musachotse mzere wonse, chifukwa mungachotsere limodzi dzina la fayilo la mu A, kusunthako n'kukhalabe momwemo. Mukatero bwerezani kufufuzako kuti mupeze wachiwiri.

Pali china chovuta kwambiri, chimene chinandigwira ine teremu ina. Chiwerengero chinali chofanana ndendende, mafayilo ndi ana, ndiye sindinakayikire kanthu. Koma sikana inakoka mapepala awiri pamodzi chakumayambiriro, lipoti limodzi silinajambulidwe, ndipo magetsi atazima n'kuyakanso, amene ankasikana anayambiranso pa pepala limene linali litajambulidwa kale. Limodzi losowa, limodzi lobwereza, masamu n'kukwana. Fayilo yoyamba inali yolondola, yomaliza inalinso yolondola, koma zapakati pa malo awiriwo zonse zinali zosuntha. Ndinazidziwa patapita milungu, aphunzitsi ena atapempha lipoti la mwana wawo n'kulandira la wina. Kuchokera pamenepo kufanana kwa chiwerengero sindikutenganso ngati umboni. Mapepala amene agwidwagwidwa ndi manja ambiri, kapena amene achotsedwa kumene masitepulo, ndi amene amakonda kumatirirana m'sikana, choncho apeputseni ndi chala musanawaike, ndipo muziika ochepaochepa.

Ntchito yaikulu ili pa tebulo, sikana isanayatsidwe. Aphunzitsi ambiri amabweretsa malipoti atawasanja motsatira mmene ana akhozera, woyamba pamwamba, pamene Excel ya ku ofesi imatsatira nambala ya adimishoni kapena dzina la bambo. Sindikizani mndandanda wa kalasiyo, sanjani mapepala motsatira mndandandawo, ndipo chongani ndi bolopeni dzina lililonse limene lipoti lake lili m'manja mwanu. Amene alibe chongi ndi amene muwachotse mu B ndi C. Ngati kusanja mapepala kukuchedwetsani, sinthani Excel m'malo mwake: ikani kolamu ya malo amene mwana wakhala m'kalasi n'kusanja ndi Sort. Koma samalani ndi ana amene afanana malo, chifukwa awiri amene onse ali nambala 9 akhoza kusinthana.

Pamene 10 abwera 2 asanafike

Masikana ena saika maziro kutsogolo, amangolemba scan1.pdf, scan2.pdf, mpaka scan60.pdf. Zimachitikanso mukakhala ndi PDF imodzi yaikulu ya masamba 60 n'kuigawa tsamba lililonse palokha ndi pulogalamu ngati PDFsam Basic. Mu File Explorer mafayilowo amaoneka osanjika bwino, 1, 2, 3, chifukwa Explorer imazindikira manambala. Lamulo la dir silitero. Limasanja chilembo ndi chilembo, ndiye mndandanda umatuluka 1, 10, 11, mpaka 19, kenako 2, 20, 21. Mukaumata pambali pa manambala a ana, pafupifupi kalasi yonse yasokonekera.

Ichi chimaoneka ndi maso mukangoyang'ana mizere itatu yoyambirira ya kolamu A. Kukonza kwake kuchitike musanaike chilichonse mu B ndi C. Mu B2 lembani izi n'kukokera pansi:

```
=LEN(A2)
```

Imawerenga zilembo za m'dzina lililonse. Sankhani makolamu awiriwo, pitani ku Data, Sort, sanjani poyamba ndi B kuyambira yaing'ono, kenako Add Level n'kusanja ndi A. Mayina aafupi, 1 mpaka 9, amakwera pamwamba, 10 mpaka 60 n'kutsatira mwadongosolo. Fufutani kolamu B ija, kenako muikemo manambala a ana.

Kupanga dzina latsopano

Windows salola zizindikiro izi m'dzina la fayilo: \ / : * ? " < > |. Nambala ngati 2023/017 ili ndi kamzere kopendekera, choncho singakhale dzina momwe ilili. Tikasintha kukhala kamzere kogona. Mu D2 lembani:

```
=SUBSTITUTE(TRIM(B2),"/","-")&"_F2_T3.pdf"
```

Zotsatira zake ndi 2023-017_F2_T3.pdf. TRIM imachotsa mipata imene inalowa mwangozi kumayambiriro kapena kumapeto kwa nambala, imene ndi maso simungaione. Mchira wa F2_T3 ukutanthauza Fomu 2, teremu yachitatu, ndipo musausiye. Mwana yemweyo adzakhala ndi lipoti lina teremu ikubwerayi, ndipo tsiku limene mudzasonkhanitse malipoti ake onse mu foda imodzi, mafayilo a dzina lofanana adzafuna kufufutana. Musaiwalenso .pdf kumapeto, fayilo yopanda mchira umenewu Windows sadziwa kuti aitsegule ndi chiyani.

Ngati Excel yakana fomulayo n'kutulutsa uthenga woti ili ndi vuto, kawirikawiri ndi nkhani ya makoma. Kompyuta zina, monga zimene zinaikidwa dera la South Africa, zimafuna chizindikiro cha ; pamalo pa koma wolekanitsa zigawo za fomula. Vuto lina ndi kukopa fomula kuchokera mu Word, imene imapinda zizindikiro za " kukhala zokhota. Zilembeni nokha mu Excel.

Tsopano werengani kolamu D mosamala, chifukwa apa ndi pamene Excel imaonetsa zimene inabisa. Kusukulu zimene manambala ake ndi madijiti okhaokha, monga 0045, mutha kuona 0045 mu B koma mu D n'kutuluka 45. Zikatero ndiye kuti maziro aja ndi chovala chabe chimene wina anaika kudzera mu Format Cells, pamene nambala yosungidwa ndi 45. Fomula imatenga yosungidwayo. Gwiritsani iyi m'malo mwake, maziro ake akhale ochuluka ngati madijiti a manambala anu:

```
=TEXT(B2,"0000")&"_F2_T3.pdf"
```

China ndi chakuti nambala yaifupi ngati 2023/05 Excel imaiyesa deti, imaisandutsa May-23, ndipo mu D mumatuluka 45047, imene ndi nambala imene Excel imasungira tsiku la 1 Meyi 2023. Mukaona nambala ya madijiti asanu yosadziwika mu D, bwererani ku B. Kusintha maonekedwe a kabokosiko pakokha sikubweza nambala yoyamba. Kaikeni kaye pa Text, kenako lembaninso nambalayo kuchokera mu buku la adimishoni. Pamene mwatsegula bukulo, tsimikizaninso kuti kolamu imene munakopa ndi ya adimishoni. M'makalasi olemba mayeso a MANEB, Excel yomweyo imakhalanso ndi manambala a mayeso, ndipo makolamu awiriwa amakonda kukhala moyandikana.

Ena amafuna kuti dzina la mwana lilowenso m'dzina la fayilo. Ine sindilimbikitsa. Mayina amalembedwa mosiyanasiyana chaka ndi chaka, ndipo zilembo ngati ŵ zimatha kusanduka zizindikiro zachilendo zikadutsa mu fayilo ya malamulo. Komanso aliyense wosuzumira pa sikirini yanu amaona mayina a ana. Nambala payokha imakwana.

Musanapite patsogolo, fufuzani manambala obwereza. Mu kolamu yapadera lembani:

```
=COUNTIF(D:D,D2)
```

Mzere uliwonse uyenera kupereka 1. Pamene patuluka 2, ana awiri ali ndi nambala imodzi, mwina chifukwa cha kulakwitsa polemba, mwina wobwereza kalasi analembedwa kawiri. Imeneyo ikonzedwe mu buku ndi mu Excel yaikulu ya sukulu, osati kungowonjezera chilembo kumapeto kuti fayilo ilole.

Kulemba malamulo ndi kuwayendetsa

Mu E2 lembani izi, mukuwerenga bwino zizindikiro za ", chifukwa chimodzi chikasowa fomula yonse imakana:

```
="ren """&A2&""" """&D2&""""
```

Mzere woyamba uyenera kuoneka chonchi:

```
ren "Scan0001.pdf" "2023-001_F2_T3.pdf"
```

Kokerani pansi mpaka pa fayilo yomaliza. Mu F2 lembani fomula yomweyo koma musinthanitse A2 ndi D2. Imeneyo ndi njira yanu yobwererera zinthu zikalakwika. Sungani Excel imeneyi musanapitirize, n'kuipatsa dzina la kalasi ndi teremu.

Yesani mizere itatu yokha poyamba. Kopani E2 mpaka E4, pitani pa windo lakuda lija, dinani batani lakumanja la mausi kuti zimatike, ndipo ngati mzere womaliza wangoima, menyani Enter. Pa Windows 11 mwina ikufunsani ngati mukufunadi kumata mizere yambiri, vomerani. Lamulo la ren likayenda bwino silinena kanthu. Yang'anani mu foda, mafayilo atatu asintha mayina. Atsegulani onse atatu, ndipo akakhala olondola kopani mizere yotsalayo.

Ena amakonda kuika malamulowo mu Notepad n'kusunga ngati sinthani.bat mu foda yomweyo. Zimatheka, koma posunga sankhani All Files, apo ayi mupeza fayilo ya sinthani.bat.txt imene imangotseguka ngati kalata. Onjezerani mawu oti pause pa mzere womaliza kuti windo lisatsekeke musanawerenge mauthenga. Chimene simuyenera kuchita ndi kusunga tsamba la Excel ngati CSV n'kulisandutsa .bat, chifukwa CSV imachulukitsa zizindikiro za " ndipo malamulo onse amawonongeka.

Mauthenga amene mungaone

Akatuluka "The system cannot find the file specified.", dzina la mu kolamu A silikupezeka mu foda imene windo lakuda lili. Yang'anani adiresi imene ili kumanzere kwa pamene mukulemba. Ngati ndi yolondola, mwina fayiloyo yasinthidwa kale: mukamata mizere itatu yoyesera ija kachiwiri, uthengawu utuluka katatu ndipo palibe chimene chawonongeka.

"The syntax of the command is incorrect." amatuluka pamene zizindikiro za " zasowa pa dzina lokhala ndi mpata, monga Scan 001.pdf. Yerekezani mzere wanu ndi chitsanzo chili pamwambapa, n'kuonanso ngati mu D mulibe chizindikiro choletsedwa chimene chatsalira.

"A duplicate file name exists, or the file cannot be found." nthawi zambiri akutanthauza kuti dzina latsopanolo lili kale pa fayilo ina. Ubwino wake ren safufuta fayilo imene ilipo, amangosiya yachiwiriyo ndi dzina lake lakale. Koma musaganize kuti imene inatenga dzinalo ndiyo mwini wake, inangofika poyamba. Tsegulani zonse ziwiri.

"The process cannot access the file because it is being used by another process." ndi fayilo imene ili yotsegula penapake. Tsekani pulogalamu yowerengera PDF, zimitsaninso mbali yoonetsera mafayilo ya File Explorer ndi Alt+P, chifukwa nayonso imatha kugwira fayilo imene mwadina. Kenako matani mzere wa fayilo imeneyo wokha.

Mukamaliza, lembani izi kuti muone zotsalira:

```
dir /b Scan*.pdf
```

Yankho limene mukufuna ndi File Not Found.

Kuyang'ana komaliza

Tsopano yatsaninso mbali yoonetsera ija ndi Alt+P, dinani fayilo yoyamba, n'kumatsika ndi batani la muvi wapansi. Kumanzere kuli dzina latsopano, kumanja kuli lipotilo ndi nambala yake yolembedwa pamwamba. Yang'anani onse 60, osati ochepa chabe. Kudula pakati kuja kumagwira kusuntha kwa mizere, koma sikungagwire mapepala awiri oyandikana amene anasinthana malo pa tebulo. Ngati mbaliyo sionetsa PDF pa kompyuta yanu, ikani fomula iyi mu Excel, ikupatsani podina pafupi ndi dzina la mwana aliyense:

```
=HYPERLINK("C:\Zotsatira\F2W\"&D2,"tsegula")
```

Mukapeza kuti awiri okha ndi amene asinthana, konzani pamanja: patsani woyamba dzina lakanthawi ngati x.pdf, sinthani wachiwiri, kenako bwererani kwa woyamba. Koma mukapeza kuti mzere wonse wasuntha, musayese kukonza fayilo imodziimodzi. Dzina lililonse limene mukufuna kupereka limakhala kale pa fayilo yoyandikana nayo, ndipo muzingolandira uthenga wa dzina lobwereza. Matani kolamu F kuti mayina akale abwerere, ndipo muchite zimenezi musanasinthe chilichonse mu B, chifukwa F imatenga mayina ake ku D, imene imasintha B ikangosintha. Ngati mwasintha kale, tsekani windo lakuda, fufutani foda ya F2W, kopaninso yoyambirira ija, konzani B ndi C, lembaninso fomula ya mu D2 n'kuikokera pansi, kenako tsegulaninso cmd mu fodayo n'kumata kolamu E kachiwiri.